Zimene mlendo wanena ndi zimene zadziwika: kulemba chidule cha macheza a pa wailesi

 

Ntchito imene ndapatsidwa lero ndi yooneka yaing'ono. Munthu wamkulu wacheza ndi mtolankhani pa wailesi kapena pa kanema, machezawo ajambulidwa, ndiye kalabu yakutumani kuti mumvetsere n'kulemba chidule cha ndime ziwiri cholowa mu lipoti. Vuto lake ndi lakuti anthu amene adzawerenge ndime ziwirizo sadzamvetsera okha machezawo. Bandulo ndi yodula, nthawi palibe. Adzakhulupirira inuyo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo wolemba chidule ndi kandimverere weniweni. Mukalemba zonena za mlendo ngati kuti ndi zoona zodziwika, mwasanduka mneneri wake osalipidwa. Mukamuika mawu m'kamwa amene sananene, mwamunamizira, ndipo dzina limene lili pansi pa lipotilo ndi la kalabu yathu.

Ndasankha chitsanzo chimodzi chokha kuti tiyende nacho mpaka kumapeto. Ndi macheza amene Mayi Jane Ansah, pa nthawi imene anali wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho la MEC, anachita ndi a Joab Frank Chakhaza a ku Zodiak chakumapeto kwa Juni 2019. Ndikudziwa kuti muno muli anthu okonda zipani zosiyanasiyana, ndipo sindinabwere kudzakometsa kapena kudzanyoza chipani chilichonse. Ndasankha nkhaniyi chifukwa ili ndi chinthu chosowa: zimene mlendo ananena tsiku limenelo zinadzafika pamaso pa oweruza, umboni unamvedwa, chigamulo chinatuluka. Choncho tingathe kuona bwinobwino kuti mawu ati anali oona kale pa tsikulo, ati anali ongonena, ndipo ati anadzasintha.

Tiyambe ndi zimene zinali zodziwika mlendoyo asanatsegule pakamwa. Chisankho chinachitika pa 21 Meyi 2019. Pa 27 Meyi bungwe la MEC linalengeza kuti a Peter Mutharika apeza mavoti 1,940,709, a Lazarus Chakwera 1,781,740, ndipo a Saulos Chilima 1,018,369. Kusiyana kwa woyamba ndi wachiwiri kunali mavoti 158,969. A Chakwera ndi a Chilima anakasuma kukhoti. Bungwe la HRDC linayamba zionetsero zofuna kuti Mayi Ansah atule pansi udindo. Mawu awiri anali pakamwa pa aliyense, ngakhale ife amene tinali ana: "madando" ndi "tipekisi". Pamene machezawa ankachitika, mlandu unali utalowa kale kukhoti koma mboni zinali zisanayambe kuyankhula, poti kumva umboni kunayamba mu Ogasiti.

Mwaona chimene ndachita? Ndisanamvetsere mlendo, ndayamba ndalemba pambali zinthu zimene sizikudalira mlendoyo. Madeti, manambala amene analengezedwa, mayina a amene anasuma. Zimenezi zili m'zikalata, ndipo wa chipani chilichonse sangazitsutse. Koma samalani ndi mawu ngakhale pamenepa. Chodziwika n'chakuti MEC inalengeza manambala amenewo. Kuti manambalawo ndi mavoti enieni amene anthu anaponya, imeneyo ndiyo inali nkhani ya mlanduwo. Ndiye mumalemba kuti "MEC inalengeza kuti uje wapeza mavoti akuti", osati "uje anapeza mavoti akuti". Mawu awiri okha, "inalengeza kuti", akunyamula kusiyana konseko.

Tsopano kamvetseredwe kake. Ulendo woyamba mvetserani kuyambira poyamba mpaka pomaliza, cholembera chili pansi. Musadalire kachidutswa ka masekondi makumi atatu kamene wina waponya pa gulu la pa Watsapu, chifukwa wodula kachidutswako anasankha kale chimene akufuna kuti inu mumve. Mlendo angathe kunena chinthu pa mphindi yachisanu n'kudzachifotokozera mosiyana pa mphindi ya makumi awiri. Ulendo wachiwiri ndi umene mumagwira kope. Gawani tsamba m'mizere itatu yotsika. Kumanzere mulembe nthawi imene ikuoneka pa foni, monga 12:40, kuti inu kapena mnzanu athe kubwerera pomwepo. Pakati mulembe zimene zanenedwa, mfundo imodzi pa mzere umodzi. Kumanja musiye malo opanda kanthu, tibwerako. Konzekerani kuti ntchitoyi idya nthawi. Macheza a theka la ola angakutengereni maola awiri, chifukwa mumaimitsa, kubweza, kumvanso.

Ndanena kuti mfundo imodzi pa mzere umodzi, ndipo apa m'pamene ambiri timagwera. Anthu ozolowera kuyankhula pa wailesi amamanga zinthu zitatu m'chiganizo chimodzi: china choona, china chosatsimikizika, china maganizo awo. Choonacho chimakoka zinazo ngati ng'ombe ikukoka ngolo, ndipo womvera amameza zonse pamodzi. Ntchito yanu ndi kumasula ngoloyo. Komanso lembani pa mzere uliwonse kuti wayankhula ndani. Mtolankhani amafunsa mafunso okhala ndi mfundo m'kati mwake. Akafunsa kuti bwanji simukutula pansi udindo pamene anthu akukukanani, mawu akuti anthu akukukanani ndi a mtolankhani, si a mlendo. Mlendo akayankha osawatsutsa, sizikutanthauza kuti wavomera.

M'macheza a Mayi Ansah aja ndatolamo mfundo zikuluzikulu zitatu. Yoyamba, anakana kutula pansi udindo chifukwa cha zionetsero, ndipo anafanizira kukakamizidwako ndi kuweruza munthu pa chigulu, popanda khoti. Yachiwiri, anati adzachoka ngati khoti litapeza kuti utsogoleri wawo unalakwitsa. Yachitatu, pa nkhani ya tipekisi, anati ndi chinthu chokonzera zolakwika, chimene munthu angachigwiritse ntchito pa zabwino kapena pa zoipa, ndipo n'kwa khoti kupeza kuti chinagwiritsidwa ntchito bwanji. Dziwani kuti pano ndikufotokoza m'mawu anga, m'Chichewa, sindikubwereza mawu awo enieni. Ndibwereranso ku mfundo imeneyi.

Mzere wa kumanja uja ndi wa funso limodzi: kodi mawu awa ndi a mtundu wanji? Ine ndimagawa mitundu inayi. Pali chodziwika, chimene chili ndi umboni kunja kwa pakamwa pa mlendo. Pali chongonena, chimene chingathe kufufuzidwa koma pakali pano tachimva kwa mlendo yekha. Pali maganizo, amene sangayesedwe pa sikelo iliyonse. Ndiye pali lonjezo kapena ulosi, zonena za mawa. Tiyeni tiyese mfundo zitatu zija.

Kukana kutula pansi udindo. Kuti anakana n'chodziwika, poti kanemayo ndi umboni wake, ndipo anakhaladi pa mpandowo miyezi yotsatira. Koma kuti zionetserozo zinali kuweruza munthu pa chigulu, amenewo ndi maganizo. A HRDC akanati ndi ufulu wochita zionetsero umene uli m'malamulo aakulu a dziko lino. Palibe chikalata chimene mungatsegule n'kupeza kuti mawu oyenera ndi ati. Maganizo mumawalemba ndi dzina la mwini wake, nthawi zonse, ndipo simuwatsutsa kapena kuwavomereza mu chidule.

Zakuti adzachoka khoti likapeza cholakwika, limeneli ndi lonjezo. Mu Juni 2019 silinali loona, silinalinso labodza. Chimene wolemba angachite ndi kulilemba mosamala pamodzi ndi mawu ake akuti "ngati", komanso deti, chifukwa tsiku lina munthu adzafuna kuyerekeza lonjezolo ndi zimene zinachitika. Mukachotsa "ngati" n'kulemba kuti "Mayi Ansah ati atula pansi udindo", mwapanga nkhani ina imene kunalibe.

Mfundo ya tipekisi ndiyo yofuna kuimirira pang'ono, poti muli zinthu zingapo zomangidwa pamodzi. Kuti tipekisi anapezeka pa mapepala ena a zotsatira, chimenechi chinali chodziwika: mapepalawo anthu anawaona, odandaula ankanena, ndipo a MEC sankakana. Mbali ziwiri zotsutsana zikagwirizana pa chinthu chimodzi, ndipo chinthucho n'chooneka ndi maso, mungathe kuchilemba popanda kuti "akuti". Kenako pali mawu akuti tipekisi angagwire ntchito yabwino kapena yoipa. Izi n'zoona ndithu, aliyense amene anaonapo aphunzitsi akukonza malikisi pa lipoti la sukulu akudziwa. Koma funsani kuti kodi choonachi chikuyankha funso liti? Funso la anthu silinali lakuti tipekisi ndi chiyani. Linali lakuti pa mapepala a pa 21 Meyi anafufuta chiyani, anafufuta ndani, ndipo malamulo amalola kapena ayi. Anzanga, uwu ndi msampha woopsa kuposa bodza: mawu oona amene sakuyankha funso. Wolemba wosasamala amawamva, n'kulemba kuti "tipekisi anangokonzera zolakwika". Mlendo sananene zimenezo. Ananena kuti n'zotheka, n'kusiyira khoti. Chidule chabwino chimasonyeza kuti funso lenilenilo linatsala losayankhidwa.

Panalinso mfundo zina ziwiri zimene zinkamveka kwambiri masiku amenewo. Imodzi inali yochokera ku MEC, yakuti bungwelo silinapereke tipekisi kwa ogwira ntchito m'malo oponyera voti. Ichi ndi chitsanzo chabwino cha chongonena. Si maganizo, chifukwa chingathe kufufuzidwa: payenera kukhala mndandanda wa katundu amene anatumizidwa kumalo aliwonse. Koma mndandandawo uli m'manja mwa amene akunenayo. Inu ndi ine kuno ku Domasi sitinauone. Ndiye timalemba kuti "MEC inati sinapereke tipekisi", basi. Sitikunena kuti akunama, sitikunenanso kuti n'zoona. Tikungouza wowerenga kuti mawuwa achokera kuti.

Ina inali yakuti anthu oyang'anira chisankho ochokera kunja anayamikira mmene chinayendera. Apa pali choona, koma chili ndi malire. Gulu la ku European Union linatulutsa lipoti lake loyambirira pa 23 Meyi, patangopita masiku awiri chiponyereni mavoti, zotsatira zisanalengezedwe. Linayamikira kayendetsedwe ka tsiku loponya voti, koma linadandaulanso kuti pa nthawi ya misonkhano yokopa anthu zipani sizinali pa bwalo lofanana. Lipoti la pa 23 silingachitire umboni zotsatira za pa 27. Phunziro lake ndi ili: mlendo akatchula chikalata kapena bungwe ngati mboni yake, funani deti la chikalatacho ndi chimene chikunena chenicheni. Nthawi zambiri mboniyo inanena zochepa kuposa zimene akuinenera.

Ndipo chenjezo lina pomwepa. Mfundo ziwirizi mwina mwazimva kwina, m'nyuzipepala kapena pa msonkhano wa atolankhani. Ngati simunazimve ndi makutu anu m'macheza amene mukulembera chidule, musaziike m'kamwa mwa mlendo ngati kuti anazinena tsiku limenelo. Ziikeni m'ndime ina, ndipo munene kumene zachokera. Mutu wa munthu umasakaniza zimene wamva malo osiyanasiyana n'kuzipanga nkhani imodzi. Mankhwala ake ndi mzere wa kumanzere uja. Mfundo iliyonse imene mukuti mlendo ananena ikhale ndi nthawi yake pa kope. Yopanda nthawi, ichotseni.

Tsopano tibwere ku Chichewa chathu, chifukwa zambiri zimaonongeka pa mneni mmodzi. Tili ndi mawu ambiri otchulira kuyankhula, ndipo si onse amene ali osakondera. "Anati" ndi "ananena kuti" sakuweruza kalikonse. Koma "anatsimikiza kuti" amamveka ngati nkhani yatha, umboni wapezeka. "Anaulula kuti" akutanthauza kuti chinthucho n'choona ndipo chinali chobisika. "Anavomera kuti" akutanthauza kuti munthuyo wagwidwa. "Anafotokoza kuti" amampatsa mlendo mpando wa mphunzitsi. Mbali inayi, "anadzitchinjiriza ponena kuti" kapena "anayesa kunena kuti" akumuweruza kale kuti ndi wolakwa. Ngakhale kamawu kakuti "akuti" kali ndi mano. Mukalemba kuti "akuti sanapereke tipekisi", wowerenga wa kuno amamva kamwano, ngati mukugwedeza mutu, komanso sakudziwa kuti akutiwo ndani. Ku sukulu anatiphunzitsa kuti kubwereza mawu amodzimodzi n'kusalemba bwino, ndiye timasinthasintha aneni kuti chimangirizo chikome. Mu chidule cha macheza iwalani zimenezo. Lembani "anati" kakhumi ngati kuli kofunika.

Tamverani zidule ziwiri zoipa za macheza omwewa. Wina alemba kuti: "Wapampando wa MEC watsimikiza kuti chisankho chinayenda bwino ndipo tipekisi anangokonzera zolakwika." Winanso alemba kuti: "Mayi Ansah avomera kuti chisankho chinaberedwa ndi tipekisi." Onse awiri amvetsera kanema mmodzi. Woyamba watenga zonena za mlendo n'kuziveka malaya a choonadi. Wachiwiri watenga chodziwika chaching'ono, chakuti tipekisi analipo, n'kuchikoka mpaka chasanduka kuvomera mlandu. Mukafuna kudziwa ngati chidule chanu chadwala matenda amenewa, yesani njira iyi: pa chiganizo chilichonse dzifunseni kuti, mlendoyu akanakhala kuti sanabwere pa wailesi, kodi ndikanadziwabe zimenezi? Ngati yankho ndi inde, n'chodziwika, ndipo tchulani kumene chikupezeka. Ngati yankho ndi ayi, chiganizocho chiyenera kukhala ndi dzina la mlendo ndi "anati".

Nkhani ya kumasulira ija tsopano. Macheza ambiri a akuluakulu amakhala m'Chingerezi, pamene lipoti lathu ndi la m'Chichewa. Mukamasulira, mawuwo salinso a mlendo ndendende, ndi anu. Choncho musawatsekere m'zizindikiro zosonyeza mawu enieni a munthu pokhapokha mutanena poyera kuti mwamasulira ndinu. Samalaninso ndi mawu a zamalamulo amene amaoneka ofanana. Kusatsata ndondomeko ndi kubera si chinthu chimodzi. Kubera kumafuna munthu amene anachita dala kuti wina apindule. Kusatsata ndondomeko kungachitike mwadala kapena mosadziwa, koma kungaonongebe zotsatira. M'macheza a pa msika timangoti anabera, koma mu lipoti sankhani liwu limene likufanana ndi limene linanenedwa, ngakhale likhale losakoma m'khutu.

Nachi chidule chimene munthu akanalemba bwino pa nthawi imeneyo:

"Pocheza ndi a Joab Frank Chakhaza pa Zodiak chakumapeto kwa Juni 2019, wapampando wa MEC, Mayi Jane Ansah, anati satula pansi udindo chifukwa cha zionetsero, zimene iwo anazifanizira ndi kuweruza munthu popanda khoti. Anati adzachoka ngati khoti litapeza kuti utsogoleri wawo unalakwitsa. Pa za tipekisi, anati angagwiritsidwe ntchito pa zabwino kapena pa zoipa, ndipo n'kwa khoti kupeza chimene chinachitika.

Zodziwika pakali pano: MEC inalengeza pa 27 Meyi kuti a Mutharika apambana ndi kusiyana kwa mavoti 158,969. Tipekisi anapezeka pa mapepala ena a zotsatira. A Chakwera ndi a Chilima asuma kukhoti, ndipo mlanduwu sunagamulidwe. Chosadziwika: ngati kufufutako kunasintha zotsatira."

Ndime yoyamba ndi ya mlendo, chiganizo chilichonse chili ndi mwini wake. Ndime yachiwiri ndi ya zikalata ndi zooneka. Ndipo pamapeto pali mzere umene ambiri timaopa kulemba, wonena chimene sichinadziwike. Mzere umenewo ndi umene umateteza wowerenga kuti asadzaze yekha malo opanda kanthu ndi zimene mtima wake ukufuna.

Tsopano onani zimene nthawi inachita. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Redson Kapindu, a Dingiswayo Madise ndi a Mike Tembo, anapereka chigamulo chawo ku Lilongwe. Anapeza kuti kugwiritsa ntchito tipekisi pa mapepala a zotsatira kunali kosemphana ndi ndondomeko, ndipo zolakwika zinali zofalikira komanso zazikulu moti zotsatira sizikanadaliridwa. Anathetsa chisankho cha pulezidenti n'kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. A Mutharika ndi a MEC anachita apilo. Pa 8 Meyi 2020 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chigamulo choyamba. Mayi Ansah analengeza kuti atula pansi udindo pa 21 Meyi 2020, ndipo chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni.

Ndiye munthu amene akulemba lipoti la macheza omwe aja pambuyo pa Meyi 2020, ndime yoyamba saisintha ngakhale liwu limodzi. Zimene mlendo ananena zimakhala zomwezo mpaka kalekale. Yosintha ndi ndime yachiwiri. Funso lakuti tipekisi anali wololedwa kapena ayi lachoka ku zosadziwika n'kupita ku zodziwika, ndipo mumalemba kuti khoti linapeza kuti sanali wololedwa. N'chifukwa chake ndime ya zodziwika iyenera kukhala ndi deti la tsiku limene mwalemba. Lipoti lathu likaikidwa pa Fesibuku limakhalapo zaka, ndipo wina adzaliwerenga zinthu zitasintha.

Koma ngakhale chigamulo cha khoti chili ndi malire ake, ndipo musachikoke kupitirira pamene chinalekeza. Khoti silinanene kuti wopambana weniweni wa 2019 anali uje. Linanena kuti zotsatirazo sizikanadaliridwa, n'chifukwa chake linalamula chisankho china m'malo mopereka mpando kwa wina. Wolemba kuti "khoti linapeza kuti uje ndiye anapambana" walakwitsa mofanana ndi uja analemba kuti tipekisi anangokonzera zolakwika. Chimodzimodzinso ndi lonjezo lija. Wina anganene kuti silinasungidwe, poti chigamulo chinatuluka mu Febuluwale koma iwo anakhalabe pa mpando. Wina anganene kuti linasungidwa, poti mlandu unatha ndi apilo mu Meyi ndipo anachoka patapita masiku 13. Inu wolemba chidule simuli woweruza wa mkangano umenewo. Ikani madeti atatuwo motsatana, 3 Febuluwale, 8 Meyi, 21 Meyi, pambali pa mawu a lonjezolo, ndipo wowerenga aone yekha.

Mwina wina akuti, ife sitilemba za mapulezidenti, timalemba za mjigo, za mlatho, za fetereza. Njira yake ndi yomweyi, ndipo kwa ife imaphwekako chifukwa zinthuzo zili pafupi. Tiyerekeze kuti mtsogoleri wina wanena pa wailesi kuti m'dera lino mijigo isanu yakonzedwa, ndipo ina itatu ikonzedwa mvula isanagwe, chifukwa iyeyo amakonda anthu ake. M'chiganizo chimenecho muli mitundu itatu. Mijigo isanu ndi chongonena, koma chimene tingachisandutse chodziwika pokwera njinga n'kukapopa tokha. Itatu ija ndi lonjezo, tililembe ndi deti lake. Zokonda anthu ndi maganizo. Mukapita n'kupeza kuti inayi ikutulutsa madzi ndipo umodzi ayi, lembani zomwezo, ndi tsiku limene munapitako. Musalembe kuti ananama, poti mjigo ungathe kukonzedwa Lolemba n'kuonongekanso Lachisanu. Mwaona madzi osatuluka, simunaone mtima wa munthu.

Ndipo pali zina zimene sitingathe kuzifufuza ngakhale titafuna. Ndalama zimene zinatuluka ku khonsolo, zimene anagwirizana pa msonkhano wotseka zitseko, zimenezi sitizifikira msanga. Zikatero musachite manyazi kulemba kuti kalabu sinathe kupeza umboni wina pa mfundo imeneyi. Koma musawerenge nyuzipepala zitatu zimene zonse zikubwereza mawu a mlendo yemweyo n'kuganiza kuti mwapeza mboni zitatu. Imeneyo ndi mboni imodzi yomveka katatu. Mboni yachiwiri ndi imene ikanadziwa chinthucho ngakhale mlendoyo akanakhala chete: chikalata, chigamulo, munthu wa mbali ina, kapena maso anu.

Chomaliza n'chokhudza mmene tizichitira monga kalabu. Ndikupempha kuti chidule chilichonse, chisanapite pa tsamba, chizidutsa m'manja mwa munthu wachiwiri, makamaka amene maganizo ake pa nkhaniyo ndi osiyana ndi a wolemba. Ameneyo atenge kope la mizere itatu lija, asankhe mfundo zitatu, abwerere pa nthawi zimene zalembedwazo n'kumvetsera yekha. Kenako awerenge chidulecho atagwira cholembera, n'kudula mzere pansi pa chiganizo chilichonse chimene chilibe "anati" komanso chilibe kumene chachokera. Chiganizo chotero chisatuluke mpaka wolemba atasankha mbali yake. Ngati wa chipani ichi ndi wa chipani icho onse angawerenge chidule chanu n'kunena kuti inde, ananenadi zimenezo, ngakhale akusiyana pa zakuti mlendoyo ananena zoona kapena ayi, ndiye kuti mwaigwira ntchito.

Loweruka likubwerali aliyense abwere ndi kope ndi cholembera. Amene muli ndi foni zokhala ndi malo, koperanitu macheza amodzi a pa wailesi, a nkhani iliyonse, osapitirira mphindi 15. Tidzakhala awiriawiri, wina kulemba, wina kuyesa, kenako n'kusinthana.  Ngati pali mafunso, ndilipo.